Dandaulo limayamba liti, limatha liti? Kaundula wa ofesi ya magetsi ku Massangulo, Mandimba ndi Cuamba

Munthu akafika pa zenera la ofesi ya magetsi kudzanena kuti kwawo kwazima, safunsa zambiri. Amangofunsa kuti, "Abwera liti?" Kalaliki amayankha zomwe akuganiza, mwina "lero lomwe," mwina "mawa." Kalalikiyo sakunama dala. Kungoti alibe pomwe angaone kuti vuto longa limeneli, m'dera longa limeneli, lidatenga maola angati mwezi watha. Kaundula wa madandaulo ndi buku loti liyankhe funso limeneli ndi nambala, ndipo nkhani ino ikunena za kamangidwe kake: zolembamo, kagawidwe ka mavuto, ndi kawerengedwe ka nthawi imene ofesi imatenga kuti ithetse dandaulo.

Dera lomwe ndikuliganizira ndi la kumwera kwa Niassa, m'mbali mwa msewu wa N13 wochoka ku Cuamba kudzera ku Mandimba ndi ku Massangulo, likulu la boma la Ngauma, mpaka ku Lichinga. Ulendo wonsewo ndi wa makilomita pafupifupi 300. Magetsi kuno ndi a Electricidade de Moçambique, imene aliyense amangoitchula kuti EDM, ndipo ambiri amagula mayunitsi a Credelec asanagwiritse ntchito. Mphamvu yaikulu imachokera ku Cahora Bassa, n'kufika ku Niassa pa nthambo za 110 kV zodzera ku Gurué, Cuamba mpaka Lichinga. Kuchokera mu 2023 ku Tetereane, kufupi ndi Cuamba, kulinso malo opangira magetsi a dzuwa a mamegawati 15. Zonsezi zikukhudza kaundula mwa njira imodzi: nyumba ya ku Itepela kapena ku Mitande ikazima, chifukwa chake chikhoza kukhala pa khoma la nyumbayo, kapena pa transifoma ya m'mudzimo, kapena makilomita mazana kutali. Mwini nyumba sadziwa zimenezo. Iye amangoona mdima.

Buku la madandaulo si lachilendo m'maofesi a ku Mozambique. Malamulo a kayendetsedwe ka ntchito za boma a mu 2001 adalamula kuti maofesi akhale ndi buku loti anthu azilembamo maganizo ndi madandaulo, ndipo magetsi ali ndi bungwe lowayang'anira, ARENE, lomwe lidakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2017. Koma buku lolembamo mkwiyo ndi kaundula woyezera ntchito ndi zinthu ziwiri. Loyambalo limasunga mawu a munthu. Lachiwirili liyenera kusunga nthawi, ndipo nthawi ndi imene imavuta.

Wotchi iyambe pamene munthu walankhula

Tiyerekeze kuti mayi wina wafika pa ofesi Lachisanu pa 10 Januwale 2025, nthawi ili 14:10, kudzanena kuti m'nyumba mwake mulibe magetsi pomwe kwa aneba akuyaka. Kalaliki walemba pa kapepala, wakaika pa tebulo. A piketi, gulu lija lothamangira pomwe pawonongeka, ali kutali ndi ntchito ina. Loweruka ndi Lamlungu zadutsa. Lolemba pa 13, nthawi ya 08:00, kalaliki watsegula kompyuta n'kulowetsa madandaulo onse a pa tebulo. Amisiri apita, apeza waya wamasuka pa mtengo wa magetsi, amumanga, magetsi ayaka 09:40.

Dandauloli latenga nthawi yaitali bwanji? Mukawerenga kuchokera pamene lidalowa mu kompyuta, ndi ola limodzi ndi mphindi 40. Mukawerenga kuchokera pamene mayiyu adalankhula, ndi maola 67 ndi theka. Palibe amene wanama pa manambala awiriwa, koma yoyambayo ikuyeza liwiro la amisiri pa Lolemba m'mawa, pomwe yachiwiriyo ikuyeza usiku utatu wa kandulo ndi nsomba zoonongeka mufiriji. Ine ndikuti kaundula wa madandaulo ndi wa nambala yachiwiriyo. Choncho lamulo loyamba ndi lakuti nthawi yolembedwa m'danga la "talandira" ikhale nthawi imene dandaulo lidafika kwa wantchito aliyense wa ofesi, osati imene lidalembedwa mu kompyuta.

Mawu akuti "aliyense" ndi olemera kuposa momwe akuonekera. M'tauni yaing'ono ngati Massangulo, madandaulo ambiri safika pa zenera. Amafika pa foni ya m'manja ya mmisiri, chifukwa anthu amamudziwa. Amafika pa msika, pa mzikiti, pa maliro, kapena kudzera kwa mfumu ndi mlembi wa bayiro. Mmisiri wamtima wabwino amangopita kukakonza osalemba paliponse, ndipo pa mapeto a mwezi ntchito yake yonseyo sioneka. Choipa kwambiri n'chakuti madandaulo amene amathetsedwa msanga chotere ndi a anthu odziwana ndi amisiri, pomwe a osadziwika ndi amene amakhala pa tebulo. Kaundula wopanda madandaulo a pa foni amabisa kusiyana kumeneku. Njira yake ndi yophweka ngakhale imatopetsa: wolandira dandaulo kunja kwa ofesi atumize uthenga kwa wosunga kaundula pompopompo, ndipo nthawi ya uthengawo ndi imene ilembedwe. Mukhale danga lina losonyeza njira imene dandaulo lafikira, kaya pa zenera, pa foni, pa kalata kapena kudzera kwa mfumu.

Ndipo buku la pepala lisatayidwe. Ofesi ya magetsi nayonso imazima, ndipo tsiku limene yazima ndi lomwe madandaulo amachuluka. Buku la chikuto cholimba, la masamba oikidwa manambala kuti lina likang'ambidwa zidziwike, likhale poyambira. Dandaulo lililonse lipatsidwe nambala yake, monga 2025-0147, ndipo wodandaula apatsidwe kapepala kokhala ndi nambalayo ndi nthawi. Kapepala kameneka n'kamene kamaletsa wina kusintha nthawi m'buku, chifukwa mboni yake ili m'thumba la kasitomala.

Zimene munthu wanena ndi zimene mmisiri wapeza

Pa kagawidwe ka mavuto anthu amalakwitsa m'njira ziwiri. Ena amasiya danga lopanda malire kuti kalaliki alembe momwe wafunira. Ena amapanga mitundu makumi anayi, kalaliki n'kutopa, n'kumangosankha woyamba pa mndandanda.

Danga lopanda malire limalephera msanga kuno chifukwa cha zilankhulo. Wodandaula amalankhula Chiyao ku Ngauma, Chinyanja kapena Chiyao ku Mandimba, Chimakhuwa ku Cuamba, ndipo kalaliki amalemba m'Chipwitikizi. Vuto limodzi lomwelo lilembedwa m'njira zisanu, kompyuta n'kuliwerenga ngati mavuto asanu. Mawu a munthu asungidwe ndithu, m'danga lawo, momwe wawanenera. "Magetsi akuphethira." "Babu likuyaka ngati koloboyi." "Mita ikudya mayunitsi." "Ndagula koma akukana kulowa." Mawu otere amathandiza mmisiri kudziwa chida chonyamula. Koma chowerengera chikhale chizindikiro chachifupi chosankhidwa pa mndandanda wotsekeka.

Kwa ofesi ya dera ngati ili, mitundu isanu ndi inayi kapena khumi ndi yokwana. Kuzima kwa nyumba imodzi kukhale pakokha, kuzima kwa dera lonse kukhalenso pakokha, chifukwa ntchito zake n'zosiyana kutalitali. Kenako magetsi ofooka kapena ophethira; ngozi, monga waya wogwa pansi kapena mtengo wa magetsi wopendekera; mita ndi mayunitsi a Credelec; bilu yotsutsidwa, kwa amene amalipira pa mapeto a mwezi; kuchedwa kulumikizidwa kwa wolipira kale; katundu wopsa ndi magetsi; khalidwe la wantchito; ndi "zina." Ngozi ili pa mtundu wakewake osati chifukwa imachitika kawirikawiri, koma chifukwa ikaphatikizidwa ndi kuzima wamba imamira mu avareji. Waya wamoyo wogona pa njira ya ana asukulu maola asanu ndi limodzi ndi nkhani yoopsa, pomwe nyumba yozima maola asanu ndi limodzi nthawi ya dzinja ndi ntchito yabwino.

Mtundu wa "zina" ndi mlonda wa mndandanda wonse. Ukamapitirira limodzi pa madandaulo khumi alionse, werengani mawu a anthu a m'mizere imeneyo, mupeza mtundu watsopano ukubisala. Chitsanzo chake chidaoneka mu 2024. Mamita olipiriratu a m'maiko ambiri, kuphatikizapo a ku Mozambique ndi a ku Malawi, adayenera kusinthidwa pofika pa 24 Novembala chaka chimenecho, apo ayi akadayamba kukana manambala 20 aja a mayunitsi atsopano. Nyengo ngati imeneyo ofesi yanzeru imatsegula mtundu wapadera wa miyezi yochepa, kuti chigumula cha "akukana kulowa" chisasokoneze chiwerengero cha mamita owonongekadi.

Pali kusiyanitsa kwina kumene ndimakuona ngati mtima wa kagawidwe konse. Mtundu wa dandaulo ndi zimene munthu wanena pofika, ndipo susinthidwa. Choyambitsa ndi zimene mmisiri wapeza pamalopo, ndipo chili ndi danga lake, lodzazidwa potseka. "Nyumba yazima" ikhoza kupezeka kuti ndi fyuzi ya pa transifoma, nthambi ya mango yogwera pa waya, mphezi, waya wobedwa, mita yakufa, kapena mawaya a m'nyumba mwa kasitomala mwini, omwe si udindo wa ofesi. Mukasakaniza ziwirizi m'danga limodzi, kalaliki amakakamizika kulosera choyambitsa asanaone, kapena mmisiri amafufuta zimene munthu adanena. Mukazisiyanitsa, danga loyamba limakuuzani zimene anthu akuvutika nazo, lachiwiri limakuuzani zoti mugule ndi mitengo yoti musadze mvula isanayambe mu Novembala.

Pa zoyambitsa pakhalenso chimodzi chakuti vuto lili kunja kwa dera la ofesi. Mu Januwale 2015 mtsinje wa Licungo utasefukira n'kugwetsa nsanja za nthambo zazikulu kufupi ndi Mocuba, chigawo chakumpoto cha Mozambique, Niassa yomwe, chidakhala masabata angapo chopanda magetsi a Cahora Bassa. Palibe mmisiri wa ku Mandimba amene akadachitapo kanthu. Madandaulo a nyengo yotere alembedwe, koma awerengedwe paokha.

Malo nawonso alembedwe mofanana. Manambala a nyumba ndi osowa, ndipo "kuseri kwa chigayo" sikuwerengeka. Nambala ya mita ndi imene imazindikiritsa kasitomala, ndipo nambala ya transifoma imene imadyetsa nyumbayo, imene amisiri amaitchula kuti PT, ndi imene imazindikiritsa dera. "Kuseri kwa chigayo" kukhale m'danga la mawu, kuti galimoto isasochere.

Wotchi iime pamene magetsi ayaka, ndipo wina atsimikize

Kutseka dandaulo kuli ndi mayesero ake. Mmisiri wafika, wayang'ana, wapeza kuti pakufunika chida chomwe alibe, wabwerera, ndipo m'buku mwalembedwa "tapitako." Kupitako si kuthetsa. N'chifukwa chake nthawi zikhale zitatu: yolandira, yofika pamalo, ndi yothetsa. Kuchokera pa yoyamba kufika pa yachiwiri mumayeza mtunda, mafuta a galimoto ndi kuchepa kwa anthu. Kuchokera pa yachiwiri kufika pa yachitatu mumayeza zipangizo ndi luso. Mkulu wa ofesi amene akufuna kupempha galimoto ina ku Lichinga adzafuna nambala yoyambayo. Wofuna kuti mafyuzi ndi mamita azisungidwa pafupi adzafuna yachiwiriyo.

Nanga ofesi ikamadikira transifoma kuchokera kutali, wotchi iime? Ambiri amafuna iime, ponena kuti si vuto lawo. Ine ndikukana. Kasitomala ali mu mdima ngakhale vuto likhale la yani, ndipo mukangolola wotchi kuima pa chifukwa chimodzi, mwezi wotsatira dandaulo lililonse lovuta lipezeka "likudikira zipangizo." Lembani chifukwa chodikira m'danga lake, kuti pofotokoza nambala yoipa mukhale ndi choloza, koma maola aziyendabe. Pokhapo pamene wochedwetsa ndi kasitomala mwini, monga nyumba yokhoma kapena mawaya a m'kati oti akonzetse yekha, m'pamene maola amenewo angachotsedwe, ndipo tsiku lomwe adauzidwa lilembedwe.

Wotseka asakhale yemwe wakonza. Kalaliki aimbe foni kwa wodandaula, afunse ngati akuyakadi, ndiyeno atseke. Nthawi yolembedwa ikhale imene magetsi adayaka, osati ya foniyo. Ndipo vuto lomwelo likabwerera pa mita yomweyo sabata isanathe, dandaulo lakale litsegulidwenso pa nambala yake, osapereka yatsopano. Mukapereka yatsopano, ntchito yongomata imaoneka ngati madandaulo atatu othetsedwa msangamsanga, ndipo mmisiri wosasamala amapambana wosamala pa chiwerengero.

Masamu ake pa Excel

Buku likakhazikika, kulisamutsira pa kompyuta n'kosavuta. Mzere umodzi ndi dandaulo limodzi, ndipo mwezi uliwonse usamakhale ndi tsamba lakelake, chifukwa dandaulo lolandiridwa pa 30 n'kuthetsedwa pa 2 limasowa kwawo. Madanga akhoza kuyalidwa chonchi:

```
A nambala | B talandira | C njira | D mita | E PT | F mtundu
G chochitika | H tafika | I tathetsa | J choyambitsa | K maola | L msinkhu
```

Excel imasunga tsiku ngati nambala, tsiku lathunthu kukhala 1 ndipo theka la tsiku 0.5. Choncho mukachotsa B pa I mumapeza masiku, mukachulukitsa ndi 24 mumapeza maola. M'danga K mulembe:

```
=IF(I2="","",(I2-B2)*24)
```

Gawo loyambalo likuletsa dandaulo losathetsedwa kutulutsa nambala yopanda nzeru. Danga K liikidwe kuti lizionetsa nambala wamba, osati nthawi, apo ayi 67.5 idzaoneka ngati tsiku la mu 1900. Danga F litsekedwe ndi Data Validation kuti lizilandira zizindikiro za pa mndandanda zokha. Ngati kuzima kwa nyumba imodzi mwakupatsa chizindikiro M1, avareji yake ndi iyi:

```
=AVERAGEIFS(K2:K2000,F2:F2000,"M1")
```

Makompyuta ambiri a m'maofesi a ku Mozambique ali m'Chipwitikizi, ndipo kumeneko IF ndi SE, AVERAGEIFS ndi MÉDIA.SE.S, ndipo pakati pa zigawo pamakhala chizindikiro cha ; m'malo mwa koma. Fayilo yopangidwa kale imadzitembenuza yokha ikatsegulidwa, koma wolemba ndi zala ayenera kulemba m'chilankhulo cha kompyutayo.

Msampha umene umagwira ambiri ndi wa madeti. Kompyuta yoikidwa pa kalembedwe ka ku Amereka imayamba ndi mwezi. Dandaulo la mayi uja mukalilemba 10/01/2025, iyo imva kuti ndi 1 Okutobala. Mukalemba 13/01/2025 posonyeza Lolemba lija, iyo ipeza kuti kulibe mwezi wa 13, n'kulisunga ngati mawu chabe, ndipo danga K litulutsa #VALUE!. Apa mwayi ulipo poti cholakwa chaonekera. Choopsa ndi pamene madeti onse awiri ali pansi pa 13: dandaulo la pa 3 lothetsedwa pa 5 Januwale limasanduka la pa 1 Malichi lothetsedwa pa 1 Meyi, maola 48 n'kukhala oposa 1,400, popanda chenjezo lililonse. Chizindikiro cha deti losungidwa ngati mawu n'chophweka. Deti lenileni limatsamira kumanja kwa danga, mawu amatsamira kumanzere. Ndipo kamodzi pa sabata sanjani danga K kuyambira pa nambala yaikulu. Zolakwa za kalembedwe zimakhala pamwamba penipeni kapena pansi penipeni, pamodzi ndi manambala otsika kuposa ziro.

Si mitundu yonse yoyezedwa m'maola. Kuzima ndi ngozi ziyezedwe m'maola a wotchi, usiku ndi Lamlungu lomwe, poti mdima sudziwa tchuthi. Bilu yotsutsidwa ndi kulumikiza kwatsopano ndi ntchito za pa desiki, ziyezedwe m'masiku a ntchito ndi NETWORKDAYS. Dziwani kuti imawerenga tsiku loyamba ndi lomaliza lomwe, choncho Lachisanu mpaka Lolemba imapereka 2. Imafunanso mndandanda wa masiku a tchuthi, ndipo wobwereka fayilo kwa mnzake wa kutsidya kwa Chiponde achotse tchuthi cha ku Malawi, aikemo cha kuno, monga 3 Febuluwale, 7 Epulo, 25 Juni, 7 ndi 25 Seputembala ndi 4 Okutobala. Pachifukwa chomwechi, avareji imodzi ya madandaulo onse a ofesi ilibe tanthauzo. Kuphatikiza maola a waya wogwa ndi masabata a bilu kuli ngati kupima chimanga ndi fodya pa sikelo imodzi n'kutchula mtengo umodzi.

Pamene avareji imanama

Tsopano tifike pa nambala imene aliyense amaifuna. Tiyerekeze kuti m'sabata ina ya mvula ofesi yalandira madandaulo khumi a kuzima, ndipo athetsedwa m'maola awa: 2, 3, 3, 4, 5, 6, 8, 9, 20 ndi 140. Lomalizalo ndi transifoma yopsa ndi mphezi, yomwe idadikira inzake kuchokera kutali. Onse pamodzi ndi maola 200, avareji yake 20.

Kodi kalaliki auze munthu wa pa zenera kuti adikire maola 20? Asanu ndi atatu mwa khumiwo adathandizidwa maola 10 asanakwane. Nambala 20 sikufotokoza iwowo, ndipo sikufotokozanso a transifoma aja omwe adakhala pafupifupi masiku asanu ndi limodzi. Dandaulo limodzi lakoka avareji yonse. Chothandiza apa ndi nambala ya pakati: sanjani maola kuyambira ochepa, tengani ya pakatikati. Poti ndi khumi, ya pakati ili pakati pa 5 ndi 6, ndiye kuti 5.5. Tanthauzo lake munthu aliyense alimva: theka la odandaula lidathandizidwa maola asanu ndi theka asanapitirire. Pa Excel ndi MEDIAN, m'Chipwitikizi MED, ndipo ya mtundu umodzi imapezeka chonchi, pa Excel yakale n'kumaliza ndi Ctrl+Shift+Enter:

```
=MEDIAN(IF((F2:F2000="M1")*(K2:K2000<>""),K2:K2000))
```

Sindikunena kuti avareji itayidwe. Ziwirizi zilembedwe moyandikana. Zikayandikana, ntchito ikuyenda mofanana kwa onse. Zikatalikirana ngati 20 ndi 5.5, dziwani kuti pali anthu ochepa amene akuzunzika kwambiri, ndipo muwafufuze ndi maina a madera awo.

Bodza lalikulu la avareji lili pena. Imawerenga madandaulo otsekedwa okha. Tiyerekeze kuti lipoti likulembedwa transifoma ija isanafike. Otsekedwa ndi asanu ndi anayi, maola awo 60, avareji yake 6.7. Ofesi ikuoneka yakhama kwambiri pa nthawi yomwe mudzi wonse uli mu mdima. Tsiku lomwe amisiri adzavutike kukweza transifoma yatsopano n'kuyatsa, avareji idzalumpha kufika pa 20, ngati kuti alakwa. Taonani chimene nambala yotere imaphunzitsa antchito: thamangirani zosavuta, zovuta zisiyeni zotsegula. Palibe amene amawauza zimenezi, koma munthu akamayezedwa ndi muyeso amauzolowera.

Mankhwala ake ndi danga L, msinkhu wa dandaulo lomwe likadali lotsegula:

```
=IF(AND(B2<>"",I2=""),(NOW()-B2)*24,"")
```

Lipoti lililonse lisatuluke ndi avareji yokha. Pambali pake palembedwe kuti otsegula ndi angati, angati apitirira maola 24, angati apitirira 72, ndipo lakale kwambiri ndi la kuti. M'mawa uliwonse, a piketi asanakwere galimoto, mndandanda wa otsegula uwerengedwe kuyambira pa lokalamba. Kwa ine ili ndi gawo la kaundula limene limasintha ntchito. Avareji ya pa mapeto a mwezi imangofotokoza zomwe zidadutsa kale.

Chatsala ndi danga G, chochitika. Transifoma ikapsa sadandaula munthu mmodzi. Tinene kuti adabwera 31. Mukawalemba onse, aliyense ndi maola ake pafupifupi 140, mizere ikhala 40, maola 4,400, avareji 110. Mukangolemba woyamba n'kubweza enawo kuti "tamva kale," mwataya umboni wa kukula kwa vutolo, ndipo mwakhumudwitsa anthu 30. Zimathekanso mbali inayo: fyuzi imodzi yokonzedwa m'maola awiri, yodandaulidwa ndi anthu makumi atatu, imatsitsa avareji mpaka ofesi kuoneka ngati ya angelo. Njira yake ndi kulemba onse, aliyense ndi nambala yake ndi kapepala kake, koma onse a vuto limodzi apatsidwe nambala imodzi ya chochitika. Poyeza liwiro la amisiri werengani zochitika, kuyambira pa dandaulo loyamba. Poyeza kuzunzika kwa anthu werengani madandaulo. Makampani a magetsi padziko lonse ali ndi miyeso yawo ya SAIDI ndi SAIFI, yowerenga kutalika ndi kuchuluka kwa kuzima pa kasitomala aliyense, wodandaula ndi wosadandaula yemwe. Kaundula wa madandaulo salowa m'malo mwake, chifukwa amangomva okhawo amene alankhula.

Malire amenewa ndi oyenera kuwakumbukira m'dera la midzi yotalikirana. Munthu wa m'tauni ya Cuamba amadutsa pa ofesi popita ku msika. Wa ku Etatara ayenera kugula mayunitsi a foni kapena kulipira njinga yamoto, ndipo akadandaula kawiri osayankhidwa, kachitatu sabwera. Madandaulo akachepa kuchokera ku PT inayake, osafulumira kusangalala. Yang'anani kaye maola a madandaulo ake akale. Ngati anali aatali kuposa a kwina, anthuwo sadakhutire ayi, adangotopa. Komanso mtundu umene uli ndi madandaulo atatu okha pa mwezi usapatsidwe avareji. Lembani manambala atatuwo momwe alili, kapena dikirani miyezi itatu.

Ofesi ya madzi ingatenge kaundula yemweyu n'kusintha mitundu: madzi sakutuluka, akutuluka mofooka, ndi akuda, paipi yaphulika, mita, bilu. Kusiyana kwake n'kwakuti kumene madzi amagawidwa mosinthana maola, kukonza paipi masana sikutsimikizika mpaka nthawi ya bayiroyo yotsegulira madzi itakwana, choncho dandaulo lisatsekedwe mpopi usanatulutse.

Madandaulo a khalidwe la wantchito, monga kupempha "ya mafuta" asanakonze, asalembedwe m'buku limene wodandaulidwayo amatsegula tsiku lililonse. M'kaundula wamkulu mungokhala nambala, mtundu ndi nthawi. Dzina ndi nkhani yake zikhale kwa mkulu wa ofesi yekha. M'tauni imene aliyense amadziwana ndi mnzake, buku losasunga chinsinsi limeneli palibe adzalembemo kachiwiri.

Kwa inu amene mwapatsidwa ntchito yoyambitsa kaundula ameneyu: musanatsegule Excel, khalani pansi ndi kalaliki ndi mkulu wa piketi, mulembe pa pepala limodzi nthawi imene wotchi imayamba, imene imaima, ndi amene ali ndi mphamvu yotseka dandaulo. Pepalalo mulimate mkati mwa chikuto cha bukulo, ndipo mwezi woyamba musadzudzule aliyense chifukwa cha manambala amene atuluke, chifukwa mukatero mwezi wachiwiri adzayamba kulemba nthawi zokukondweretsani.